Kubalansa ikweshoni ya kemisitili yochokera pa chithunzi chosaoneka bwino

Ana ambiri a fomu 3 ndi fomu 4 muno mu Mzuzu masiku ano salandira pepala la mafunso pamanja. Mmodzi amalijambula ndi foni, n'kuliponya pa gulupu ya kalasi, ndipo chithunzicho chimayenda kuchoka ku Chibavi, kudutsa ku Katoto, mpaka kwa wina wa ku Luwinga amene pepala lenilenilo sanalionepo. Chikakhala kuti chinajambulidwa madzulo magetsi atazima, dzanja likunjenjemera ndi kuzizira kwathu kuno, mawu aakuluakulu amawerengeka ndithu, koma tinambala ting'onoting'ono ta m'munsi mwa zilembo timasanduka timadontho totuwa. Pa phunziro la Chichewa kapena la mbiri, chilembo chimodzi chikafufutika umatha kuchidziwa poona mawu oyandikana nacho. Pa kemisitili kanambala kamodzi kakasintha, ndiye kuti chinthu chomwe ukukamba chasinthanso.

Mwana wa mlongo wanga ananditumizira chithunzi chotere, n'kulemba kuti: "Malume, ndionereni nambala 4, ndabalansa koma sindikukhutira nayo." Pachithunzipo zilembo zinkaoneka motere, ndipo pamene ndaika chizindikiro cha funso ndi pamene panali dontho losawerengeka:

Al + H₂SO₄ → Al?(SO₄)? + H?

Iye anakulitsa chithunzicho ndi zala, anaona ngati madontho onse atatu ndi 2, ndipo yankho lake linali ili:

2Al + 2H₂SO₄ → Al₂(SO₄)₂ + 2H₂

Tiyeni tiwerenge maatomu ake. Aluminiyamu, awiri kumanzere, awiri kumanja. Haidirojeni, anayi uku, anayi uko. Salifa, awiri mbali zonse. Okosijeni, 8 ndi 8. Mbali ziwirizi zikufanana ndendende, komabe yankholi ndi lolakwa, ndipo wochonga mayeso a MSCE sangalilandire. Apa ndi pamene ndikufuna kuti ophunzira ndi makolo owathandiza amvetse bwino: kuwerenga maatomu kumangokuuza ngati mbali ziwiri zafanana, sikungakuuze ngati fomula waiwerenga molondola. Fomula yolakwika imatha kubalansika bwinobwino. Choncho ntchito ili pawiri, ndipo yoyamba ndi yotsimikiza tinambala ta m'munsi usanaike nambala iliyonse kutsogolo.

Tiyambe ndi chilembo choyamba chenicheni. Pa chithunzi chofufutika, Al amaoneka ngati A ndi 1, kapena ngati A ndi I wamkulu. Palibe elementi yolembedwa ndi nambala pakati pa chizindikiro chake, ndipo chilembo chachiwiri cha chizindikiro chimakhala chaching'ono nthawi zonse. Ndiye ameneyu ndi A ndi l wamng'ono, aluminiyamu, chitsulo chopepuka chomwe timachidziwa pa mapoto ndi masefuliya. H₂SO₄ ndi asidi wa salifyuliki, yemwe amakhala m'mabatire a galimoto, ndipo fomula yake aliyense wa fomu 3 ayenera kuidziwa pamtima. Chitsulo ngati aluminiyamu chikakumana ndi asidi wosungunulidwa m'madzi, pamatuluka mchere ndi mpweya wa haidirojeni. Izi zikutithandiza pa dontho lomaliza lija. Mpweya wa haidirojeni sukhala atomu imodziimodzi, umayenda maatomu awiriawiri, monganso okosijeni, naitirojeni ndi kolorini. Dontho limenelo ndi 2, ndipo palibe chifukwa choyang'aniranso chithunzi.

Madontho awiri apakati ndi amene anamusokoneza. Njira yowadziwira si kukulitsa chithunzi, koma kuwerengera machaji. Aluminiyamu ali pa nambala 13 pa tebulo la maelementi, ndipo maelekitironi ake amakhala motere: 2, 8, 3. Atatu akunjawo amawataya, n'kukhala ayoni ya chaji ya 3+, yolembedwa Al³⁺. Gulu la SO₄, lomwe timalitcha salifeti, lili ndi chaji ya 2−, ndipo ngati waiwala ukhoza kuidziwa poyang'ana asidi yemweyo: pafunika ma H⁺ awiri kuti agwirizane ndi SO₄ mmodzi. Mchere wathunthu sukhala ndi chaji yotsala. Ndiye tifune nambala yaing'ono kwambiri yomwe 3 ndi 2 onse amalowamo, ndipo nambalayo ndi 6. Maayoni awiri a aluminiyamu apereka 6+, magulu atatu a salifeti apereka 6−, zonse pamodzi zithera pa 0. Fomula yake ndi Al₂(SO₄)₃, aluminiyamu salifeti, mchere womwe m'malo ambiri oyeretsera madzi akumwa amauthira kuti matope aundane n'kudikha pansi. Dontho loyamba ndi 2, lachiwiri ndi 3. Al₂(SO₄)₂ ya mphwanga ija ikanakhala ndi 6+ mbali imodzi ndi 4− mbali inayo, zomwe sizingatheke.

Ophunzira ambiri amaloweza zoti machaji amangosinthana malo, wa uyu kupita m'munsi mwa uyo. Njirayi imagwira pa funso ili, koma ine ndimakonda kuti mwana aziwerengera machaji onse mpaka afike pa 0, chifukwa yosinthanitsa ija imamugwetsa akafika pa kashiyamu salifeti, pomwe machaji onse ndi 2 ndipo fomula yake ndi CaSO₄, popanda kanambala kena kowonjezera.

Tsopano tili ndi ikweshoni yoti tingayambe kuibalansa:

Al + H₂SO₄ → Al₂(SO₄)₃ + H₂

Kuyambira pano tinambala ta m'munsi tatsekedwa, sitikhudzidwanso. Chomwe tikuloledwa kusintha ndi nambala yaikulu yoikidwa kutsogolo kwa fomula yathunthu. Ganizirani njinga za kabaza, zomwe kuno ambiri timazitcha sakaramento. Njinga ili ndi matayala awiri, ndipo ukafuna matayala 6 umaitana njinga zitatu, suwotcherera matayala ena anayi pa njinga imodzi. H₂ ndi chimodzimodzi. Tikafuna maatomu 6 a haidirojeni timalemba 3H₂, osati H₆, chifukwa mpweya wotchedwa H₆ kulibe.

Chifukwa chimene timavutikira ndi zonsezi n'chakuti zinthu zikamasintha mwa kemisitili, maatomu salengedwa ndipo satha, amangosintha anzawo ogwirana nawo. Antoine Lavoisier wa ku Faransa anafotokoza momveka bwino mu 1789 kuti kulemera kwa zinthu zonse zisanasinthe kumafanana ndi kulemera kwake zitasintha, ndipo John Dalton wa ku Mangalande, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anapereka chifukwa chake poganiza za maatomu. Muvi wa pakati pa ikweshoni ndi malire chabe. Atomu iliyonse yolowa kumanzere iyenera kupezeka kumanja.

Kuwerenga koyamba kuchitike usanalembe nambala iliyonse, ndipo kulembedwe papepala, osati kusungidwa m'mutu. Kumanzere n'kosavuta. Al alibe kanambala, kutanthauza atomu imodzi. Mu H₂SO₄ muli haidirojeni awiri, salifa mmodzi ndi okosijeni anayi. Zindikirani kuti kanambala kamakhudza chizindikiro chomwe chili kumanzere kwake penipeni chokha: 2 ndi wa H, 4 ndi wa O, ndipo S alibe kake.

Kumanja ndi kumene ana amapunthwa, chifukwa cha mabulaketi. Mu Al₂(SO₄)₃, 2 ndi wa aluminiyamu yekha. 3 wa kunja kwa mabulaketi akunena kuti gulu lonse la SO₄ lilipo katatu. Ngati izi zikusokoneza, lembani gululo katatu pambali, SO₄, SO₄, SO₄, ndipo muwerenge ndi chala. Mupeza salifa atatu ndi okosijeni 12, pakuti 4 kuchulukitsa katatu ndi 12. Ndaonapo ana akulemba 7, atawonkhetsa 4 ndi 3, ndipo ena amalemba 12 pa okosijeni koma n'kusiya salifa pa 1, poiwala kuti nayenso ali mkati mwa mabulaketi. Mawerengero oyamba akhale motere:

```
       Al   H   S    O
manzere 1   2   1    4
manja   2   2   3   12
```

Haidirojeni akuoneka ngati wafanana kale, awiri ndi awiri. Musamuchonge msanga. Ali m'fomula imodzi ndi salifa ndi okosijeni, omwe sanafanane, ndiye tikangoika nambala kutsogolo kwa asidi, iyenso asintha.

Tiyambire pati? Ine ndimayang'ana fomula yodzaza kwambiri, yomwe pano ndi Al₂(SO₄)₃, n'kuisiya pa 1, kenako n'kubweretsa zina kuti zigwirizane nayo. Ili ndi aluminiyamu awiri, pamene kumanzere kuli mmodzi. Tiike 2 kutsogolo kwa Al:

2Al + H₂SO₄ → Al₂(SO₄)₃ + H₂

Ena amafuna kulemba Al₂ kumanzere kuti zifanane ndi za kumanja. Zimenezo ndi zolakwika, chifukwa zikunena kuti chitsulocho chimakhala m'mamolekyulu a maatomu awiriawiri ngati mpweya, pomwe chitsulo mu ikweshoni timachilemba ndi chizindikiro chake chokha. Tikawerenganso, aluminiyamu wafika pa 2 ndi 2, ndipo zina zonse zili monga zinalili, popeza Al anaima yekha ndipo nambala yake sinakhudze wina aliyense.

Chachiwiri ndi salifeti. Apa pali njira yopeputsa ntchito. Gulu la SO₄ lalowa lathunthu kumanzere ndipo latuluka lathunthu kumanja, silinasweke. Zikakhala choncho tikhoza kuliwerenga ngati chinthu chimodzi: limodzi kumanzere, atatu kumanja. Tiike 3 kutsogolo kwa asidi:

2Al + 3H₂SO₄ → Al₂(SO₄)₃ + H₂

Nambala 3 imeneyi ikuchulukitsa fomula yonse, kuyambira pa H mpaka pa O. Haidirojeni akhala 3 kuchulukitsa ndi 2, omwe ndi 6. Salifa akhala atatu. Okosijeni akhala 3 kuchulukitsa ndi 4, omwe ndi 12. Wina akhoza kufunsa chifukwa chake sitingaike 3 pakati, pafupi ndi SO₄ yekha, kuti haidirojeni asasokonezeke. Sitingatero chifukwa salifeti sabwera yekha mu ikweshoni iyi. Amabwera m'botolo la asidi, ndipo gulu lililonse la salifeti limabwera ndi haidirojeni ake awiri. Mawerengero tsopano ali motere:

```
       Al   H   S    O
manzere 2   6   3   12
manja   2   2   3   12
```

Sitepe imodzi yakonza salifa ndi okosijeni nthawi imodzi, koma yasokoneza haidirojeni yemwe poyamba ankaoneka kuti ali bwino. Ana ambiri akafika apa amaganiza kuti alakwitsa, amafufuta 3 uja n'kuyambiranso, mpaka pepala kubooka. Palibe cholakwika chomwe chachitika. Kubalansa kumayenda choncho, ukakonza apa pena pamasuntha, ndipo n'chifukwa chake timawerenga maatomu onse pa sitepe iliyonse, osati okhawo amene tangowakonza kumene.

Haidirojeni tinamusiyira kumapeto mwadala. Kumanja ali yekha mu H₂, ndiye nambala iliyonse yomwe tingaike pamenepo sikhudza aluminiyamu, salifa kapena okosijeni. Tikufuna maatomu 6, ndipo molekyulu iliyonse ili ndi awiri, choncho pafunika mamolekyulu atatu:

2Al + 3H₂SO₄ → Al₂(SO₄)₃ + 3H₂

Kuwerenga komaliza kuchitike ngati kuti mayankho am'mbuyo aja sunawaone, ndipo pano gulu la salifeti liswedwe, salifa payekha, okosijeni payekha. Aluminiyamu 2 ndi 2. Haidirojeni 6 ndi 6. Salifa 3 ndi 3. Okosijeni 12 ndi 12. Mbali iliyonse ili ndi maatomu 23. Kutsogolo kwa Al₂(SO₄)₃ kuli 1 wosalembedwa, ndipo ngati pepala lasiya mpata woti mudzazemo pamenepo, mukhoza kulemba 1 kapena kusiya, monga mphunzitsi wanu amafunira. Onaninso ngati manambala 2, 3, 1, 3 angagawidwe onse ndi nambala imodzi. Sangagawidwe, ndiye tafika pa manambala aang'ono kwambiri. Wolemba 4, 6, 2, 6 wabalansa ndithu, koma sanamalize, ayenera kugawa onse ndi 2.

Pali njira ina yodzichongera yomwe ndimafuna ana a fomu 4 aizolowere, chifukwa imagwiritsa ntchito manambala omwe adzawafunenso pa mafunso a mamolo. Kulemera kwa maatomu komwe timagwiritsa ntchito m'kalasi ndi uku: Al ndi 27, H ndi 1, S ndi 32, O ndi 16. Aluminiyamu awiri ndi 54. H₂SO₄ mmodzi ndi 2 kuwonjezera 32 kuwonjezera 64, zomwe ndi 98, ndipo atatu ndi 294. Kumanzere konse ndi 348. Kumanja, gulu limodzi la SO₄ ndi 96, atatu ndi 288, kuwonjezera 54 wa aluminiyamu ndi 342, ndipo 3H₂ ndi 6. Zonse pamodzi ndi 348. Manambala awiriwa akasiyana, dziwani kuti pena mwadumpha atomu.

Koma njira ya kulemerayi nayonso sikanagwira cholakwa cha mphwanga uja, chifukwa ikweshoni yake inali yofanana mbali zonse. Chomwe chikanachigwira ndi kuwerenga maelekitironi. Atomu iliyonse ya aluminiyamu imataya atatu, ndiye awiri ataya 6. Ayoni iliyonse ya H⁺ imalandira limodzi, ndiye pafunika ma H⁺ okwana 6, omwe amapanga mamolekyulu atatu a H₂. Yankho la 2H₂ limangolandira maelekitironi anayi, ndipo awiri otsalawo alibe kolowera. Kusiyana kumeneku sikuthera pa funso la nambala 4 pokha. Funso lotsatira likati pezani kulemera kwa haidirojeni wotuluka pa magalamu 54 a aluminiyamu, yankho loona ndi magalamu 6, pamene ikweshoni yolakwika ija ipereka magalamu 4. Asidi wofunika ndi magalamu 294, osati 196. Dontho limodzi lowerengedwa molakwa limawononga mafunso onse odalira pa ilo.

Ndinenepo pang'ono za zomwe zimaoneka mu labu, kwa amene sukulu yawo ili nayo. Mukaponya kachidutswa ka aluminiyamu mu asidi wosungunuka ameneyu, musayembekeze thovu lambiri nthawi yomweyo monga amachitira maginiziyamu. Aluminiyamu amakhala ndi kachikopa kopyapyala ka Al₂O₃ pamwamba pake, komwe kamapangika akangokhudzana ndi mpweya, ndipo kamatchinga asidi kwa kanthawi. Ikweshoni imatiuza kuchuluka kwa zinthu zogwirizana, koma za liwiro lake sinena kanthu. Ndipo asidi wa m'batire si woyeserera kunyumba, amaotcha khungu ndipo amatha kuchititsa khungu akagwera m'maso.

Pachithunzi china mudzaona tilembo ta m'mabulaketi pambuyo pa fomula iliyonse, tosonyeza mmene chinthucho chilili:

2Al(s) + 3H₂SO₄(aq) → Al₂(SO₄)₃(aq) + 3H₂(g)

Apa (s) akuimira cholimba, (aq) chosungunuka m'madzi, (g) mpweya, ndipo (l), yemwe pano palibe, amaimira chamadzimadzi. Timeneti sitiwerengedwa pa maatomu. Vuto lake n'lakuti nthawi zambiri timasindikizidwa ting'onoting'ono ndipo motsika, pafupi ndi tinambala ta m'munsi, kotero pa chithunzi chofufutika s amaoneka ngati 5, g ngati 9, l ngati 1. Mukaona fomula yachilendo ngati Al₅ kapena H₂₉, kaikirani kuti ndi kachilembo kotere kamene mabulaketi ake afufutika.

Pepala lomwelo linali ndi funso lina la kuyaka kwa gasi, ndipo ndilitenga mwachidule chifukwa lili ndi vuto lomwe la aluminiyamu linalibe. Pankaoneka C₄, kenako H wokhala ndi tinambala tiwiri tosawerengeka, ndipo pamwamba pa funsolo mawu akuti alikeni ankawerengeka. Maalikeni onse amatsata fomula ya CₙH₂ₙ₊₂, ndiye makaboni anayi amafuna haidirojeni 10. Imeneyi ndi byuteni, imodzi mwa mipweya ya m'masilinda a gasi wophikira.

C₄H₁₀ + O₂ → CO₂ + H₂O

Pano woima yekha ndi okosijeni, ndiye ndi amene timusiyire kumapeto. Makaboni anayi kumanzere akufuna 4CO₂. Haidirojeni 10 akufuna 5H₂O, popeza molekyulu iliyonse ya madzi imatenga awiri. Tikawerenga okosijeni kumanja tiyenera kuyang'ana malo awiri: 4CO₂ ili ndi 8, 5H₂O ili ndi 5, onse pamodzi 13. Apa ndiye pali mfundo, chifukwa O₂ amabwera awiriawiri ndipo 13 sagawika ndi 2. Mamolekyulu 6 apereka 12, mamolekyulu 7 apereka 14. Lembani kaye 13/2 kutsogolo kwa O₂, popanda mantha, kenako chulukitsani ikweshoni yonse ndi 2, osaiwala byuteni yemwe ali ndi 1 wosalembedwa:

2C₄H₁₀ + 13O₂ → 8CO₂ + 10H₂O

Kaboni ndi 8 mbali zonse. Haidirojeni ndi 20 mbali zonse. Okosijeni kumanzere ndi 26, ndipo kumanja ndi 16 kuwonjezera 10. Cholakwa chofala apa n'kuchulukitsa O₂ yekha n'kusiya ena onse, ndipo chimaonekera pompo ukawerenganso.

Pa mafunso awiriwa kemisitili yatipulumutsa, chifukwa aluminiyamu ali ndi chaji imodzi yokha yomwe timakumana nayo, ndipo alikeni ali ndi fomula yake yokhazikika. Sizikhala choncho nthawi zonse, ndipo ndikufuna mwana adziwe pamene nzeru iyi imathera. Tiyerekeze kuti chithunzi chikuonetsa izi:

Fe?O? + CO → Fe + CO₂

Choyamba onetsetsani kuti CO ali ndi O wamkulu, kutanthauza kaboni monokisaidi, chifukwa Co wa o wamng'ono ndi chitsulo cha kobati. Kupezeka kwa CO₂ kumanja kukutsimikiza zimenezi, popeza kaboni ayenera kukhala ndi kochokera. Koma madontho awiri aja sitingawadziwe ndi machaji, pakuti ayironi amatha kukhala Fe²⁺ kapena Fe³⁺. Fe₂O₃ ilipodi, ndi imene ili mu mwala wa hematayiti. Fe₃O₄ nayo ilipo, ndi maginetayiti. Zonse ziwiri zimagwirizana ndi CO, ndipo zonse zimabalansika. Njira yachidule yowerengera ndi kuona kuti CO aliyense amalanda atomu imodzi ya okosijeni kuti asanduke CO₂. Fe₂O₃ ili ndi okosijeni atatu, ndiye ikufuna ma CO atatu:

Fe₂O₃ + 3CO → 2Fe + 3CO₂

Ayironi ndi 2 ndi 2, kaboni 3 ndi 3, ndipo okosijeni kumanzere ndi atatu a mu Fe₂O₃ kuwonjezera atatu a mu 3CO, omwe ndi 6, kufanana ndi 6 a mu 3CO₂. Fe₃O₄ ili ndi okosijeni anayi:

Fe₃O₄ + 4CO → 3Fe + 4CO₂

Apa ayironi ndi 3 ndi 3, kaboni 4 ndi 4, okosijeni 8 ndi 8. Mayankho onse awiri ndi oona m'kemisitili, koma funso linafunsa limodzi. Fufuzani mawu ozungulira funsolo. Ngati dzina la chinthucho lalembedwa ndipo lili ndi (III) pambuyo pa ayironi, ndiye ndi Fe₂O₃. Ngati latchula hematayiti kapena maginetayiti, mwapeza yankho. Kunena zoona, m'mabuku a sekondale Fe₂O₃ ndi imene imapezeka kawirikawiri pa mutu wa kuyenga chitsulo, koma kupezeka kawirikawiri si umboni wa zomwe zili papepala la lero.

Mawu othandiza akasowa, pemphani chithunzi china, ndipo mumuuze wojambulayo chochita, chifukwa kungoti "tumizanso" kumabweretsa chithunzi chomwecho. Ayale pepala patebulo pafupi ndi windo masana, apukute diso la kamera ndi nsalu, ajambule funso limodzi lokha m'malo mwa tsamba lonse, ndipo akhudze pa sikirini pamene pali fomula kuti kamera ilunjike pomwepo asanadine. Potumiza pa WhatsApp asankhe Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo tinambala tating'ono ndi timene timayamba kutayika. Chosavuta kuposa zonsezi n'kumupempha kuti angolemba fomulayo m'mesiji, C4H10 kapena Fe2O3, ngakhale manambala asatsike m'munsi.

Nthawi zina mwini pepala sapezeka, ndipo ntchito ikufunika mawa m'mawa. Zikatero mwana asangosankha imodzi mwakachetechete. Alembe pamwamba pa yankho lake kuti tinambala ta fomula yoyamba sitinkawerengeka pachithunzi, kenako abalanse zonse ziwiri, Fe₂O₃ ndi Fe₃O₄, iliyonse ndi mawerengero ake a maatomu, kuti mphunzitsi achonge yomwe inali papepala.